G meja kapena E maina? Mverani a besi

"Abale, ndimaimba kiyibodi mu kwaya yathu kuno ku Lizulu. Tapatsidwa nyimbo ya shapu imodzi, ndipo a sopulano akuthera pa do. Ine ndikutseka ndi khodi ya G, koma aphunzitsi a kwaya akuti nyimboyo ndi ya E maina. Ndingadziwe bwanji?"

Achimwene, shapu imodziyo singathetse mlanduwu. G meja ndi E maina ndi ana a bere limodzi, manoti awo ndi omwewo: G, A, B, C, D, E ndi F#. Amasiyana pa malo pomwe nyimbo imakapumira. Ya meja kwawo ndi pa do, ya maina kwawo ndi pa la. Pa kiyibodi yanu ikani chala pa G, mutsike masitepe 3 mukuwerenga zoyera ndi zakuda zomwe: F#, F, E. Pamene mwafikapo ndiye pa la.

Do wa a sopulano ndi amene wakusokonezani. Khodi ya G ndi do, mi, so. Khodi ya Em ndi la, do, mi. Mwaona? Do ndi mi akupezeka monse muwiri, choncho a sopulano atha kuthera pa do nyimbo ili ya maina ndithu. Pa pulakatisi ikubwerayi apempheni aphunzitsi kuti a besi aimbe okha mzere womaliza, inu manja muchotse pa kiyibodi. Akatsika kuchoka pa so n'kukakhala pa do, ndiye kuti D kupita pa G, nyimbo ndi ya meja. Akachoka pa mi n'kukakhala pa la, B kupita pa E, aphunzitsi anu akunena zoona.

Kenako yang'anani papepala. Mu nyimbo zambiri za maina, makamaka za m'mabuku a kutchalitchi, so amakwezedwa pang'ono n'kukhala se, kuti azikokera khutu ku la monga momwe ti amakokera ku do. Mu kiyi yanuyi se ndi D#. Shapu yake sailemba koyambirira kwa mzere pamodzi ndi F#, imatulukira m'kati mwa nyimbo, kawirikawiri kwa a alito kapena a tena, pafupi ndi pothera mzere. Mukaiona ikubwerabwera pamenepo, khodi ya pamalopo ndi B kapena B7, yotsatira ndi Em.

Ine zinandionekera pa maliro ena kwathu ku Linthipe. Nyimbo ndinaitolera ndi khutu, ndinkaimaliza ndi D kenako G. Amayi a alito ankaimba se, ine chala chili pa D, manoti awiri oyandikana akukhulana ngati malata pa mphepo. Mayi wina wachikulire ankangonditembenukira nthawi iliyonse tikafika pamenepo. Usiku womwewo ndinayesa B7 kenako Em, ndipo mawu onse anakhazikika bwinobwino.

Komabe D# mmodzi asakuthamangitseni. Nyimbo ya G meja itha kudutsa pa B7, kucheza pang'ono pa Em, n'kubwerera kwawo kudzera pa D. Kumeneko n'kukaona abale chabe. Palinso nyimbo za maina zopanda se n'komwe, zongoyenda Em, D, Em, ndipo makolasi ambiri ophunzitsana pakamwa alibe pepala loti n'kuyang'anapo. Pamenepo khutu ndiye mboni. Kwaya iziimba, inu mugwire E wapansi ndi dzanja lamanzere osamusiya mpaka ndime ithe. Abwerezenso, mugwire G. Imodzi mwa ziwirizi idzamveka kuti nyimbo yafika, inayo idzakusiyani mukudikira ngati pali mawu ena otsala.

Zoti maina ndi ya chisoni, meja ndi ya chimwemwe, musazidalire. Nyimbo zambiri zomwe timalira nazo pa maliro ndi za meja, kungoti timaziimba modekha.

Chovuta chenicheni ndi nyimbo zozungulira pa makhodi anayi, Em, C, G, D, osaima. Apa ngakhale akatswiri amatsutsana, poti nyimbo yotere imatha kutsamira uku ndi uku. Ine ndimamvera khodi yomwe ikugwera poyambira mzere uliwonse, ndi noti yomwe wotsogolera amaikoka nthawi yaitali akamamaliza mawu. Nthawi zina ndime imakhala pa Em, kolasi n'kutsegukira pa G, ndipo palibe cholakwika kunena kuti nyimboyo ili ndi makomo awiri.

Yanuyi ili papepala, ndiye ntchito yachepa. Ngati ndi solofa, onani pamwamba: mabuku ena amalemba do kuti ndi G, n'kuwonjezera kuti la ndi E, pokuuzani kuti ndi ya maina. Ngati sanalembe, tijambulireni mabala awiri omaliza, mzere wa a besi uoneke bwino, tiwerengere limodzi muno.