Mawu akuti "Zii" ndiwo agwira ndakatulo yonse

Funso: "Akuluakulu, ndine wophunzira kuno ku Ulongwe. Aphunzitsi atipatsa ndakatulo ili pachithunziyi kuti tilembe ndime imodzi yofotokoza zithunzithunzi, kayendedwe ka mawu ndi mfundo yake yaikulu. Ndiyambire pati?"

Achemwali, ndaikopera ndakatuloyi monga ikuonekera pachithunzi chanu kuti tiyendere limodzi mzere ndi mzere:

Tinabwera ndi mitolo,
tinabwera ndi mayina.
Mtondo tinaupeza,
chiswe ndicho chikusinja.

Mango aja tinadzala
aposa denga la gogo.
Tinaodira pakhomo.
Zii.

Poyambira pabwino ndi kumapeto, chifukwa mzere umene wasiyana ndi inzake ndi umene umaulula chimene mlakatuli akufuna. Muiwerenge mokweza, mukuwerenga maphatikizo ndi zala. Mzere woyamba uli ndi maphatikizo asanu ndi atatu: ti-na-bwe-ra-ndi-mi-to-lo. Mizere isanu ndi umodzi yotsatira ilinso ndi asanu ndi atatu, malinga musaiwale kuti "m" wa mawu akuti "mtondo" amamveka payekha ngati phatikizo, m-to-ndo, popeza ndi "mu" wofupikitsidwa. Ophunzira ambiri amamudumpha ameneyu, napeza asanu ndi awiri, n'kulemba kuti mlakatuli waphonya pamene waphonya ndi wowerenga. Ndiye khutu litazolowera muyeso umenewu kasanu ndi kawiri, mzere wotsiriza ukubwera ndi mvekero umodzi wokha, ndipo malo a maphatikizo otsalawo akudzazidwa ndi chete. Wowerenga amadikira mawu ena amene sabwera, monga momwe anthu a m'ndakatulomo akudikirira yankho la odi wawo.

M'kati mwa mizere yofanana kutalikayo mulinso kusiyana kumene kungakupatseni malikisi. Mizere iwiri yoyamba ikuduka pakati penipeni, anayi uku anayi uku: "tinabwera / ndi mitolo", "tinabwera / ndi mayina". Kugunda kolingana kotere, pamodzi ndi kubwereza kwa "tinabwera ndi", kukumveka ngati mapazi a anthu olemedwa ndi katundu, kapena ngati misi iwiri yolandizana mu mtondo umodzi. Koma pamene mtondo weniweniwo watchulidwa, kugundako kukupunduka, atatu ndi asanu: "mtondo / tinaupeza". Kukubwerera mwakale pa mzere wachinayi, "chiswe ndicho / chikusinja", kutanthauza kuti kugunda kwa musi kwachoka m'manja mwa anthu ndipo kwatengedwa ndi chiswe. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene pali luso lalikulu la ndakatuloyi, kuposa ngakhale "Zii" amene aliyense amuona msanga. Za kufanana kwa mawu otsiriza mizere musatayepo nthawi. M'Chichewa mawu amathera ndi lembo la liwu, choncho kupeza "a" kapena "o" kumapeto kwa mizere ingapo si umboni wakuti mlakatuli anachita kukonza.

Pa zithunzithunzi, ndime imodzi singanyamule zonse, choncho musankhe ziwiri. Mtondo ndi chiwiya cha pakhomo pamene pali anthu, pali chimanga, pali amayi okonza chakudya. Mlakatuli sananene kuti mtondowo wafumbwa kapena kuti chiswe chaudya, koma wapatsa chiswe ntchito ya munthu, yosinja. Kusinja kumatulutsa ufa wodyetsa banja, pamene kusinja kwa chiswe kukusandutsa mtondo womwewo kukhala fumbi, ndipo mawu akuti "ndicho" akutsindika kuti mwini ntchitoyo wasintha. Taonaninso nthawi ya aneni. Zochita za anthu zonse zili m'nthawi yakale, "tinabwera", "tinaupeza", "tinadzala", "tinaodira", pamene chiswe chokha ndicho chili ndi mneni wa tsopano, "chikusinja".

Chithunzi chachiwiri ndi cha mango. Mlakatuli sanatiuze zaka zimene anthuwa anakhala kutali, wangotionetsa mtengo umene anausiya uli mbande ndipo tsopano wapitirira denga. Munthu wa kumudzi amadziwa kuti mango safika pamenepo m'dzinja limodzi kapena awiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti denga likutchedwabe "la gogo", koma gogoyo sakuoneka paliponse m'ndakatulomo, ndipo zimenezi zikutikonzekeretsa chete wa kumapeto. Mawu akuti "mayina" a mzere wachiwiri angamvedwe pawiri: mwina anthuwa anatsala ndi mayina awo okha, mwina anabwera ndi mayina a abale amene anawaika m'manda kuchilendo. Ndakatuloyo sikudula mlandu umenewu, choncho mukawatchula mulembe kuti "angatanthauze", osati "akutanthauza".

Mfundo yaikulu musailembe ndi liwu limodzi ngati "nkhondo" kapena "umphawi", popeza liwu limodzi limangotchula nkhani, silinena chimene ndakatulo ikunena pa nkhaniyo. Chinsinsi chili pa mneni "tinaodira". Munthu saodira pakhomo pake, amene amaodira ndi mlendo. Choncho mfundo ndi yakuti wobwerera kwawo patapita nthawi yaitali amapeza kuti wasanduka mlendo pakhomo pake. Ife a ku Angonia ndi ku Tsangano tikaiwerenga timakumbukira mabanja amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu pa nthawi ya nkhondo ya kuno ku Mozambique, nabwerera pambuyo pa pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992, ndipo n'zololedwa kutchula zimenezi m'chiganizo chimodzi. Komabe liwu lakuti nkhondo mulibemo m'mizereyi, ndipo munthu wochokera kumigodi ya ku Joni kapena wosamutsidwa pa chifukwa china angathenso kuiyankhula. Mbiri ikhale yothandizira kumva, umboni uchokere m'mawu a ndakatulo.

Ndime yanu iyambe ndi mfundoyo, kenaka chithunzi chilichonse ndi kagundidwe kalikonse kabwere ngati umboni wake. Mwachitsanzo:

"Ndakatuloyi ikuonetsa kuti anthu obwerera kwawo patapita zaka zambiri amasanduka alendo pakhomo pawo. Mlakatuli wapatsa chiswe ntchito ya amayi ponena kuti 'chiswe ndicho chikusinja', ndipo mtondo, umene unali chizindikiro cha banja lamoyo, wakhala chizindikiro cha bwinja. Mango amene 'aposa denga la gogo' akuyeza kutalika kwa nthawi popanda kutchula zaka. Kayendedwe ka mawu kakutsimikiza zomwezi, pakuti mizere isanu ndi iwiri ya maphatikizo asanu ndi atatu ikuzoloweretsa khutu kugunda kokhazikika, kumene kukudulidwa mwadzidzidzi ndi mvekero wakuti 'Zii', kotero kuti wowerenga akumva yekha chete amene anayankha odi wa eni khomo."

Musaikopere momwe ilili, chifukwa aphunzitsi angakufunseni chifukwa chimene mwasankhira mango m'malo mwa mayina, ndipo yankho liyenera kukhala lanu. Ngati ndimeyo ikufunika m'Chipwitikizi, mizere yogwidwayo muisiye m'Chichewa ndi kuika tanthauzo pambali, popeza chiwerengero cha maphatikizo chimatayika mukamasulira.

Chotsiriza ndi chithunzi chenichenicho. Chadula pamwamba pa pepala, mwakuti mutu wa ndakatulo ndi dzina la mlakatuli sizikuoneka, komanso chathera pomwepo pa "Zii". Muonenso pepala lanu kuti mutsimikize ngati pansi pake kapena kuseri kulibe ndime yachitatu. Ngati ilipo, ndipo mwina wina akuyankha odiyo, ndiye kuti chete uja ali pakati pa ndakatulo osati kumapeto, ndipo chiganizo chanu choyamba ndi chotsiriza ziyenera kusintha. Mukaipeza muijambulenso pepala lonse lili lotambasuka, tidzaionenso.