WL 9 si malo, ndi mzere

"Ndili ku Area 25. Mwezi wamawa ndikuperekeza mayi kuchipatala ku India. Tikiti ya sitima yochoka ku New Delhi kupita ku Mumbai yalembedwa GNWL 23/WL 9. Tikwera kapena ayi?"

Achimwene, pakadali pano malo mulibe. WL ndi mzere wa odikira malo. Pomwe mumagula munali wa nambala 23 pamzerewo, lero ndinu wa 9, kutanthauza kuti malo 14 atseguka patsogolo panu. Nambala yachiwiriyo ndiyo muziyang'ana. Mwayi wanu ndi zilembo GNWL. Umenewu ndi mzere wa okwerera komwe sitima imayambira, ndipo ndi umene umayenda msanga chifukwa mabedi ambiri ndi awo.

Funso lanuli landikwiyitsa, koma osati inuyo. Nditaperekeza azakhali anga kumeneko, munthu wina wogulitsa matikiti anatipatsa ya PQWL 4 n'kunena kuti 4 ndi kanambala kochepa, tisadandaule. Azakhali anali ndi bandeji pamimba, akuyenda mogwira khoma, mafayilo a kuchipatala ali m'jumbo. Tsiku lililonse ndinkalemba pafoni manambala 10 a PNR, nambala ya tikiti yoonera pomwe mwafika pamzere, 4 yemweyo ali phee. PQWL ndi kagawo kochepa ka mabedi komwe masiteshoni angapo a panjira amagawana, ndiye oti abweze tikiti n'ngochepanso. GNWL 20 ikhoza kudutsa PQWL 4 ikadali pomwepo. Wogulitsa amene sakuuzani zimenezi ndi wakuba basi, ngakhale avale tayi.

Vuto lathu tinazolowera pa depoti ya m'tauni, pomwe kondakitala amati "lowani, malo apezeka kutsogolo". Ku India tikiti yogula pa intaneti ikakhala idakali pa WL mndandanda wa okwera utatuluka, maola angapo sitima isananyamuke, imafa yokha. Ndalama zimabwerera komwe zinachokera, koma simuloledwa kukwera.

Musanafike pa CNF, pomwe bedi ndi lanu, nthawi zambiri mumadutsa pa RAC. Apo mumakwera ndithu, koma bedi limodzi la m'mbali mumagawana anthu awiri, chokhala. Kwa mnyamata ndi zotheka. Mayi odwala kuchezera usiku wonse chokhala, ine ayi.

Ndiye titani?

Onani liwiro la mzere. Kuchoka pa 23 kufika pa 9 kudakali milungu n'chizindikiro chabwino, poti ambiri amabweza matikiti masiku omaliza. Koma ngati ulendo wagundana ndi Diwali, chikondwerero chachikulu cha ku India cha mu Okutobala kapena Novembala, musadalire. Musadalirenso Tatkal, matikiti a changu omwe amatsegulidwa kutatsala tsiku limodzi, 10 koloko m'mawa kwa mabogi a AC: kuyambira mu Julayi 2025 kugula pa intaneti kumafuna Aadhaar, chiphaso cha okhala m'dzikomo. Kukatsala masiku atatu musanafike ngakhale pa RAC, ndipo tsiku loonana ndi dokotala silisunthika, gulani sitima ina yomwe ikuonetsa AVAILABLE kapena ndege, kenako mubweze ya WL ija, amangodulapo pang'ono.