Ndimulembere bwanji imelo munthu wosadziwa bwino Chingerezi?

"Aphungu, ndangoyamba ntchito pakampani ina yoitanitsa katundu kunja, ndipo ndine amene ndimalemberana maimelo ndi bambo wina wolankhula Chipwitikizi, Chingerezi chake ndi chochepa. Ndinamulembera kuti asatumize kaye katundu, iye kutumiza. Abwana akuti ndimalemba zazitali. Bambo anga akuti ndisamvere zimenezo, munthu wa digiri amadziwika ndi Chingerezi chozama. Nditafupikitsa, munthu uja anayankha ngati wakhumudwa. Imelo ija ndakutumizirani. Nditani, ntchito ingandithere?"

Mwanawe, makalata ngati akowa ndimalandira ambiri, ndipo pafupifupi onse kumbuyo kwake kumakhala kholo lomwe likufuna kuti fizi yomwe linalipira izimveka m'chiganizo chilichonse. Makolo, chonde, asiyeni anawa. Imelo yakuntchito si mayeso a kompozishoni, palibe amene akupereka malikisi pa mawu akuluakulu, munthu wa mbali inayo akungofuna adziwe kuti achite chani ndipo liti. Ndipo iwenso ndikuuze mosapsatira, ngati umaganiza kuti Chingerezi chozama chidzakukweza pantchito, chotsa maganizo amenewo, chomwe abwana akuona panopa ndi katundu yemwe wabwera nthawi yolakwika basi.

Chiganizo chomwe chakupwetekacho ndi ichi:

```
Further to our earlier correspondence, we were wondering whether it wouldn't be possible for you to hold off on dispatching the consignment until such time as we have sorted out the payment, which we expect to go through by 04/05.
```

Mawu 40 popanda mpumiro. Galamala yake ilibe vuto, koma taganiza mmene munthu uja amawerengera. Iye akumasulira m'mutu mwake liwu ndi liwu, ndiye pofika pa liwu la nambala 17 pomwe pempho lako likuyambira, wanyamula kale mawu 16 opanda kanthu ndipo mutu watopa. Munthu wotopa amangotola mawu omwe akuwazindikira, waona dispatching, waona payment, waona deti, wamva kuti ndalama zikubwera tumizani katundu. Liwu lomwe limanena kuti "musatumize" ndi hold off, ndipo ndi lomwelo lomwe sanalidziwe. Sanachite mwano ayi, anachita zomwe anamva.

Abwana ako akunena zoona, koma theka lokha. Bungwe la Plain English Campaign la ku Britain limalangiza kuti ziganizo zizikhala ndi mawu 15 mpaka 20 tikatenga avereji. Kwa munthu ngati wakoyu ine ndimati tsika pang'ono, 10 mpaka 15, ndipo chikapitirira 20 fufuza pomwe ungachidule. Koma mvetsa bwino liwu loti avereji, sindikuti chilichonse chikhale cha mawu 5. Iwe utadzudzulidwa unalumphira mbali inayo, ndikukhulupirira unalemba zonga izi:

```
Hold off. Payment not ready. Will sort it out 04/05.
```

Apa wadula zomwe sizinali kulakwa, wasiya zomwe zinali kulakwa. Hold off akadalipo, sort out akadalipo, ndipo wachotsa timawu tomwe timagwira mfundo pamodzi monga because, after, so, if. Timawu timeneti munthu wodziwa Chingerezi amatha kutibwezeretsa yekha m'maganizo, koma wongophunzira sangathe, amaona mfundo zitatu zosiyana osadziwa kuti iti ikuyambitsa inzake. Mulibenso we ndi please, ndiye sizikudziwika kuti akonze ndani, ndipo zikumveka ngati ukulamula wantchito wako. Nchifukwa chake anakhumudwa.

Nkhani ya mawu ndi yomwe ndikufuna uigwire kwambiri chifukwa ndi pomwe ambiri amasochera. Liwu lalifupi si ndiye kuti ndi losavuta. Chingerezi chili ndi aneni a mawu awiri monga hold off, sort out, go through, call off, put off, ndipo amaoneka ophweka poti timawu take ndi tating'ono, koma tanthauzo lake sulingalipeze pophatikiza timawuto. Munthu amadziwa call, amadziwa off, koma sangalote kuti call off ndi kulepheretsa chinthu. Ukalemba cancel, wolankhula Chipwitikizi amva pompo chifukwa kwawo amati cancelar. Chimodzimodzi confirm ndi confirmar, receive ndi receber. Ndiye kwa iyeyu liwu lotalikirapo nthawi zina ndi lomwe lili lapafupi. Samala chabe ndi mawu ofanana maonekedwe koma osiyana tanthauzo, eventually kwa iye angamve ngati eventualmente lomwe limatanthauza kuti mwina kapena mwa apo ndi apo, pomwe iwe ukutanthauza kuti pamapeto pake zichitika ndithu. Liwu lotere lisiye, ika deti.

Ena amadalira sikelo ya Flesch yoyezera kuphweka kwa zolemba, yomwe imapezeka mu Microsoft Word. Imathandiza kukuonetsa ziganizo zazitali, koma imangowerengera utali wa ziganizo ndi maphatikizo a mawu, ndiye call off imamupatsa malikisi abwino kuposa cancel. Usaikhulupirire kwambiri.

Imelo yako ikanayenera kukhala motere:

```
Please do not send the goods yet, because we have not paid. We will pay on 4 May. After you receive the money, please send the goods.
```

Ziganizo zitatu, cha mawu 12, cha 6 ndi cha 9, sizofanana ndipo zikumveka ngati munthu akulankhula. Choyamba ndachisiya chotalikirapo dala chifukwa pempho ndi chifukwa chake zimayenera kuyendera limodzi, because ndi amene akuzimanga. Pempho lili koyambirira, ndipo do not ndalemba lonse osafupikitsa poti n't wa kumapeto kwa liwu maso amamudumpha mosavuta, ndiye akadumphidwa tanthauzo lonse latembenuka. Send the goods ndalibwereza kawiri osasintha. Kusukulu anakuphunzitsa kuti kubwereza liwu ndi umphawi wa Chingerezi, ndikudziwa, koma ukati goods apa, consignment apo, items pena, munthu uja aziganiza kuti ndi katundu wa mitundu itatu. Deti nalo, 04/05 wa ku America amawerenga kuti 5 Epulo pomwe ena ambiri amati 4 Meyi, lemba dzina la mwezi nkhani ithe.

Za ulemu usade nkhawa. Ulemu wozungulira ngati wondering whether it wouldn't be possible umangobisa pempho, munthuyo sadziwa ngati ukufunsa, ukupempha kapena ukukana. Moni ndi dzina lake pamwamba, please pa pempho, thank you pamapeto, zakwana. Upewenso mafunso okhala ndi kukana mkati, chifukwa akakuyankha kuti yes sudzadziwa kuti wavomera chiti.

Udzadziwa bwanji kuti sanamve? Yang'ana mayankho ake. Akamangoti OK pa funso lofuna deti kapena nambala, akayankha funso limodzi pomwe unafunsa atatu, kapena akakufunsa chinthu chomwe unalemba kale, imelo yako sinafike m'mutu. Pa nkhani ya ndalama kapena katundu, maliza ndi funso lomwe sangaliyankhe ndi OK yekha, monga kumufunsa kuti atumiza tsiku liti. Akatchula deti la pambuyo pa 4 Meyi ndiye kuti wamva.

Ntchito sindikuona ngati ikuthera pa nkhani imodziyi, bola usabwerezenso. Galamala uli nayo kale, chatsala ndi kuleka kudzionetsera, ndipo zimenezo sizitenga miyezi. Mawa usanadine Send werenga mawu a chiganizo chilichonse ndi chala, kenako saka aneni a mawu awiri aja uwasinthe. Imelo yoyamba ya mtundu umenewu ukawaonetse kaye abwana isanapite.