Akufuna K40,000 tisanaonane n'komwe

"Abale ndithandizeni nzeru, ndine wa ku Chitakale. Pali bambo wina tinadziwana pa Facebook masabata awiri apitawa, akuti kwawo ndi ku Bvumbwe koma ali ku Joni. Amandiimbira tsiku lililonse, akuti ine ndiye mkazi amene Mulungu anawasungira. Dzulo ati anditumizira foni ndi zovala koma zagwidwa pa boda ya Mwanza, nditumize K40,000 kuti zituluke. Nditumize?"

Achemwali, musatumize ngakhale K500.

Mawu okoma paokha si mlandu. Ngakhale anyamata akabaza pa Limbuli amanena kuti sanagone pokuganizirani, timangoseka. Koma mvetserani chimene munthuyo akuyamikira. Wokufunani zoona amatchula zimene waona pa inu, amakumbukira kuti munati mwana akudwala, mawa lake n'kufunsa ngati wadzuka bwanji. Wakuba mawu ake amakwana mkazi aliyense, chifukwa uthenga womwewo akuutumiza kwa akazi ambiri. Werenganinso mauthenga akewo, muchotsepo dzina lanu muikepo la mnzanu. Ngati palibe chimene chasokonekera, dziwani kuti sanalembere inu.

Mng'ono wanga wa ku Luchenza zinamuonekera chaka chatha. Wakeyo anayamba n'kumutumizira K5,000 ya mayunitsi, ndipo mtima unagwa m'malo, amvekere wakuba angapatse munthu ndalama? Inali nyambo. Sabata yachitatu kunabwera chithunzi cha katoni yomata bwino, dzina lake litalembedwa pamwamba. Kenako anaimba mwamuna wina, akuti ndi dalaivala wa thiraki, katundu wagwidwa, pakufunika K35,000 isanakwane 4 koloko apo ayi alanda. Mwana anatapa ndalama za banki m'khonde. M'mawa mwake akuti m'katonimo apezamo ndalama zakunja, tsopano ndi mlandu, pakufunika K80,000. Apa m'pamene anabwera kwa ine akulira.

Ndinamuuza kuti andionetse uthenga wa Mpamba. Dzina la wolandira linali la mzimayi, osati la chibwenzicho, osatinso la dalaivalayo. Atafunsa, anamuyankha kuti ndi nambala ya ejenti. Inunso yang'anani dzina limene likutuluka pa nambala imene akupatsaniyo, kaya ndi Airtel Money kaya Mpamba. Komanso msonkho wa pa boda sulipiridwa pa nambala ya munthu wamba. Umalipiridwa ku MRA ndipo pamakhala lisiti. Kupatula apo, munthu wokwanitsa kugula foni ku Joni angalephere kulipira dalaivala wake yemwe?

Tsono poti mtima mwina ukukanabe, muyeseni. Wanena yekha kuti ndi wa ku Bvumbwe, ndiye pafupi pomwepa, minibasi ya ku Limbe yodzera ku Thyolo imadutsa pomwepo. Mufunseni mudzi wake, mfumu yake, mpingo umene amapemphera, ndiponso nambala ya mlongo wake kapena amalume ake. Kwathu kuno mwamuna wofuna banja amadziwa kuti nkhani idzafika kwa ankhoswe, choncho mafunso amenewa samukwiyitsa. Ena amachita kunyadira, n'kukuuzani kuti pitani mukawaone amayi, ali pafupi ndi chigayo. Wakuba amazemba, kapena amayamba zoti "kodi simukundikhulupirira?" Akafika poti chibwenzichi musauze aliyense chifukwa anthu ndi ansanje, ameneyo akuopa kuti wina akutsegulani maso.

Muimbireni pa vidiyo ya WhatsApp mosamuchenjeza, osati nthawi imene wasankha yekha. Zoti kamera inasweka, netiweki ikuvuta, abwana salola, zikachitika kawiri katatu ndiye yankho lomwelo. Koma musadalire vidiyo yokha, chifukwa ena amaonetsa nkhope zawo zenizeni n'kuba ndithu. Nambala yoyamba ndi +27 nayonso si umboni, popeza WhatsApp imagwirabe ntchito pa nambala ya ku Joni munthu ali konkuno.

Muyeso umene ine ndimaukhulupirira ndi kukana. Muuzeni mwaulemu kuti ndalama mulibe, katunduyo abwere naye yekha pa Khirisimasi. Ndiye khalani chete muone masiku atatu otsatira. Wokukondani akhoza kukhumudwa pang'ono, koma mawa aimbanso kufunsa ngati mvula yagwa ku Mulanje. Wakuba amatsitsa mtengo, amvekere tumizani kaye K15,000, ngati tikutsatsana nanazi pamsewu. Zikakanika amakalipa kapena amangozimiririka.

Ngati anakupemphani kale zithunzi za kuchipinda, musatumize, chifukwa ndi zimene amadzaopsezera nazo ndalama zikasiya kubwera. Mauthenga ake onse ndi nambala imene akuti mutumizepoyo muzijambule musanamutseke, kuti mukaganiza zopita kupolisi pa Boma mukhale ndi choonetsa.