Samu ya sitima ziwiri: yambani mwalinganiza wotchi

"Anzanga a pagulu pano ndithandizeni. Mwana wanga ali Fomu 2 kuno ku Salima ndipo samu iyi yamugwetsa. Akuti sitima yanyamuka pa Salima 7:00 m'mawa kulowera ku Balaka pa liwiro la makilomita 40 pa ola. Ina yanyamuka ku Balaka 8:00 kubwera kuno pa makilomita 60 pa ola. Mtunda akuti ndi makilomita 160. Zikumana nthawi yanji? Iye anapeza 8:36 koma aphunzitsi athetha. Ndimupezere wa patitaimu kapena?"

Achemwali, ndalama ya patitaimuyo isungeni kaye. Ine ndimaphunzitsa masamu, ndipo 8:36 ameneyu akundiuza kuti mwanayo mbali yovuta waidziwa kale. Waphatikiza 40 ndi 60 n'kupeza 100, ndipo wachita bwino, poti sitima zikamayenda moyang'anizana iliyonse imadya mpata uli pakati pawo kuchokera mbali yake. Ola likatha, iyi yadya 40, iyo yadya 60, mpata wachepa ndi 100. Chamupunthwitsa ndi wotchi basi. Wagawa 160 ndi 100 ngati zonse zinanyamuka limodzi 7:00, chonsecho ya ku Balaka inali chiimire pa siteshoni ola lathunthu.

Mumuuze ajambule mzere m'kope ndi rula, Salima mbali ino, Balaka mbali iyo, 160 pakati. Asanaphatikize kanthu ayankhe funso ili: pomwe sitima yachiwiri ikunyamuka, yoyamba ili pati? Kuyambira 7:00 mpaka 8:00 ya ku Salima yayenda yokha makilomita 40. Aike kadontho pamenepo. Mpata wotsala ndi 160 kuchotsa 40, omwe ndi 120. Apa m'pamene 100 uja akuyamba kugwira ntchito, chifukwa tsopano zonse zili pa ulendo.

120 ÷ 100 = 1.2

Pamenepa pali dzenje lina lomwe ana ambiri amagweramo. Kalikuleta ikaonetsa 1.2 amathamangira kulemba ola limodzi ndi mphindi 20. Ayi ndithu. Ola lili ndi mphindi 60, osati 100, choncho 0.2 uja achulukitse ndi 60, apeza mphindi 12. Ndipo ola ndi mphindi 12 zimenezi aziwerenge kuyambira 8:00, nthawi yomwe tinayezera mpata wa 120. Sitima zikumana 9:12.

Chomwe ndingakupempheni kuti mumuumirize kwambiri n'chakuti azidzichonga yekha asanapereke pepala. Ikamakwana 9:12, ya ku Salima yayenda maola 2.2, kuchulukitsa ndi 40 tipeza makilomita 88. Ya ku Balaka yayenda maola 1.2, kuchulukitsa ndi 60 tipeza 72. Phatikizani 88 ndi 72, akubwera 160 yemwe uja. Ndiye ayese 8:36 wakeyo mwanjira yomweyo. Ya ku Salima ikhala itayenda 64, ya ku Balaka 36 okha, pamodzi 100. Pakati patsala makilomita 60, oyendetsa sakuonana n'komwe. Akaona zimenezi ndi maso ake sadzafunanso munthu womuuza kuti walakwa. Komanso wapezeratu yankho la funso lomwe kawirikawiri limatsatira, lakuti zakumanirana pati: makilomita 88 kuchokera pa Salima.

Zopitirirana n'chimodzimodzi, kungoti timachotsera. Mukakwera minibasi mu msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota, galimoto yochokera kutsogolo imangoti fyuu yadutsa, koma dalaivala wanu akafuna kupitirira lole yomwe ikulowera komwe mukupita, mumayenda nayo pambali mpaka mtima kuyamba kugunda. Minibasi ikuthamanga ndithu, koma loleyo nayo ikuthawa, ndiye chomwe chikutseka mpata ndi kusiyana kwa liwiro lawo kokha. Tengani sitima zomwe zija, koma zonse zinyamukire pa Salima kulowera kumodzi, ya 40 inyamuke 7:00, ya 60 inyamuke 8:00. Pofika 8:00 yoyamba ili patsogolo ndi makilomita 40. Ola lililonse yam'mbuyo ikubweza 20 okha, 60 kuchotsa 40. Ndiye 40 kugawa ndi 20 ndi maola awiri, iipeza 10:00. Kuchonga kwake n'kosavuta: pomwe yapezana ndi inzake zonse zayenda mtunda wofanana, 40 kuchulukitsa ndi maola atatu ndi 120, 60 kuchulukitsa ndi maola awiri ndi 120.

Mwana wochenjera akufunsani kuti nanga zipitirirana bwanji poti njanji yathu yodutsa ku Chipoka ndi Golomoti ndi imodzi. Akunena zoona, kwathu kuno sitima zimapatukirana pa siteshoni, ina imadikira inzake idutse. M'samu timangoyerekeza kuti njanji zilipo ziwiri zoyandikana, ndiponso kuti liwiro silisintha, palibe kuima kapena chitunda. Funso likanena kuti ina inaima mphindi zakuti panjira, ulendowo audule m'zigawo, chifukwa nthawi yomwe yaimayo mpata ukutsekedwa ndi sitima imodzi yokha.

Mtundu womwe umavutadi, ndipo ndikanakonda muthere nthawi pamenepo, ndi uja amapereka kutalika kwa sitimazo. Akangotchula kuti ina ndi yotalika mamita 300, ina mamita 200, n'kufunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji kuti zidutsane kwathunthu, dziwani kuti mtunda wa masiteshoni ulibenso ntchito. Mtunda wake ndi sitimazo. Dulani timapepala tiwiri, kena kotalikirapo, mutiike patebulo mitu itagundana. Akankhe pang'onopang'ono mpaka bogi yomaliza ya iyi itasiyana ndi bogi yomaliza ya iyo. Aona yekha kuti kapepalako kayenda utali wake ndi wa kanzake, 300 kuphatikiza 200, mamita 500. Kaya zikuyang'anizana kaya ina ikupitirira inzake, 500 ameneyu sasintha. Ana ambiri akamva zopitirira amachotsera zonse, liwiro ndi utali womwe, n'kupeza mamita 100. Chochotsera ndi liwiro lokha.

Tiyerekeze kuti ya mamita 300 ikuyenda makilomita 36 pa ola, inayo 54. Utali uli m'mamita, liwiro lili m'makilomita pa ola, sizingagawane zili choncho. Kilomita ndi mamita 1000, ola ndi masekondi 3600, ndiye kusandutsa kwake n'kuchulukitsa ndi 5/18. Zikayang'anizana, 36 ndi 54 ndi 90, omwe ndi mamita 25 pa sekondi.

500 ÷ 25 = 20

Masekondi 20 zadutsana. Ikakhala yopitirira, 54 kuchotsa 36 ndi 18, omwe ndi mamita 5 pa sekondi, ndipo 500 kugawa ndi 5 ndi masekondi 100. Pamenepa pali poyesera mwachangu: nthawi yopitirira iyenera kukhala yaitali kuposa yodutsana moyang'anizana. Akapeza zosemphana ndi izi, ndiye kuti waphatikiza pofunika kuchotsera.

Awerengetsenso kuti akudutsidwa ndani. Funso likati sitima ya mamita 200 ikudutsa munthu yemwe wakhala pawindo la sitima inayo, utali wa sitima yomwe munthuyo wakwera suwerengedwa. Mtunda ndi 200 okha, ndipo moyang'anizana ndi 200 kugawa ndi 25, masekondi 8.

Madzulo ano mumupatse samu yake yomweyo koma musinthe chinthu chimodzi: ya ku Balaka inyamuke 7:30. Osamuthandiza, mungoona ngati wayamba ndi mzere ndi kadontho. Theka la ola pa 40 ndi makilomita 20, mpata utsala 140, maola 1.4, omwe ndi ola ndi mphindi 24. Akakuuzani 8:54 wakhoza. Akati 9:10, wotchi walinganiza bwino koma 1.4 wamuwerenga ngati ola ndi mphindi 40, ndiye mubwerere naye pa kuchulukitsa ndi 60 paja.