Keshibuku ikuposa ku banki ndi K6,200

"Achimwene, thandizeni. Ndikutseka mwezi ku ntchito kuno, macheke amene sanapite ku banki ndachotsa, dipoziti ya pa 31 ndawonjezera, koma keshibuku ikuposabe ku banki ndi K6,200. Sitetimenti ndi iyo ndajambulayo. Ndingoilemba ngati zina ndi zina?"

Ayi mphwanga, usayerekeze kuilemba ngati zina ndi zina. Ndalama imeneyo ili ndi mwini wake penapake, ndipo tiipeza. Tenga pensulo, rula ndi kalikyuleta, ukhale pansi.

Choyamba ndikuuze kuti K6,200 imeneyo si chinthu chimodzi ayi. Kawirikawiri kusiyana kwakung'ono kumakhala tinthu tiwiri kapena titatu taunjikana, kena kokweza kena kotsitsa. N'chifukwa chake ukamafufuza m'buku monse nambala yolembedwa 6,200 suiona. Ndiye tiyambe kuisenda.

Ndachikulitsa chithunzi chija. Yang'ana mizere ya kumunsi, ya tsiku lomaliza. Pali machaji atatu amene banki yadula yokha: wosungira akaunti, wa mauthenga a pafoni, ndi wotumizira ndalama ku banki ina. Ndawaphatikiza akukwana K3,800. Palinso chiwongoladzanja cha K300 chimene akuikira. Zimenezi sizibwera ndi risiti kapena vocha, umaziona koyamba pa sitetimenti pomwepo, ndiye ndikukayika ngati zili m'buku mwako. Ngati mulibe, zilembe tsopano: K3,800 ku mbali ya zotuluka, K300 ku mbali ya zolowa. Usaziike pa pepala lofananitsira keshibuku ndi sitetimenti ya banki lija ayi. Pepala lija ndi la zinthu zimene iwe walemba kale koma banki sinazione, monga macheke ndi dipoziti wanena zija. Zimene banki yachita iwe osadziwa zimalowa m'buku mwenimweni.

Tiwerengere limodzi. Pa 6,200 chotsa 3,800, utsala ndi 2,400. Wonjezera 300 ya chiwongoladzanja ija, chifukwa ikukweza buku lako. Yafika 2,700. Imeneyi ndiye ndalama yeniyeni imene tikusaka.

Tsopano 2,700 uigawe ndi 9. Ikupereka 300 ndendende, popanda chotsala. Zikatere, choyamba kuchikayikira ndi manambala awiri oyandikana amene asinthana malo polemba. Munthu akatembenuza manambala chotero, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 nthawi zonse. Ndipo 300 ija ikukuuza zina ziwiri. Nambala 3 ikutanthauza kuti manambala osinthanawo amasiyana ndi 3, monga 6 ndi 3, 7 ndi 4, 5 ndi 2. Maziro awiriwo akuonetsa kuti vuto lili pa malo a mahandiredi ndi masauzande. Mwachitsanzo, cheke munalemba cha K46,300 koma m'buku chinalowa ngati K43,600. Chotsa uone, ndi 2,700 yomweyo. Poti buku lako ndi limene lili pamwamba, saka ndalama yotuluka imene yalembedwa yochepa, kapena yolowa imene yalembedwa yochuluka. Ukadagawa 6,200 ija ndi 9 usanachotse machaji sikadagawika, ukadaganiza kuti njirayi yakana, chonsecho vuto lili pomwepo.

Koma kugawika ndi 9 si umboni, kumangokulozera koyambira. Ndiye yesanso china: 2,700 uigawe pakati. Ndi 1,350. Fufuza ngati pali ndalama ya K1,350 imene inatuluka koma yalembedwa ku mbali ya zolowa. Ndalama ikalowa mbali yolakwika imasokoneza kawiri, chifukwa kumene imayenera kuchotsedwa sinachotsedwe, kenako yawonjezeredwanso. Uonenso ngati pali K2,700 yathunthu imene yatuluka ku banki koma m'buku mulibe, kapena risiti ya K2,700 yolembedwa kawiri.

Kuchonga kwake uchite chonchi. Yambira pa sitetimenti kupita m'buku, mzere umodzi umodzi, rula ili pansi pa mzerewo. Nambala uiwerenge mokweza, folo, sikisi, firii, ziro, ziro, chifukwa diso likatopa limaona 46,300 ndi 43,600 ngati chimodzimodzi n'kuchonga. Ngati pali mnzako, wina aziwerenga sitetimenti wina aziyang'ana buku. Ikagwirizana chonga mbali zonse ziwiri. Ukamaliza, chilichonse chopanda chongi uchizungulize. Pamene zasiyana usakhulupirire buku kapena sitetimenti, pita ku pepala loyambirira: kachidutswa kotsala m'buku la macheke, vocha, kapena silipi ya dipoziti yodindidwa ndi banki.

Pa madipoziti pamenepo uikepo mtima kwambiri. Zimachitika kuti m'buku mwalembedwa ndalama yonse ya malonda a tsikulo, koma wopita ku banki anatapapo ya minibasi kapena ya mayunitsi asanaike, kapena pa kauntala anabweza ndalama yong'ambika n'kusintha silipi. Buku likunena zina, chidindo chikunena zina. Chimodzimodzi ndalama zochokera ku Airtel Money kapena Mpamba: fananitsa imene yafika ku banki ndi imene unalemba, chifukwa chaji ikadulidwa panjira ziwirizi sizifanana.

Ukachonga zonse n'kupeza kuti mzere uliwonse ukugwirizana, ndiye kuti vuto silili m'mizere, lili mu kuphatikiza kapena mu balansi yoyambira. Phatikizanso mbali iliyonse kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndipo uone nambala imene unasamutsa kuchoka pansi pa tsamba kupita pamwamba pa tsamba lotsatira, pamenepo anthu amatembenuza manambala kwambiri. Ngati buku lili pa kompyuta, ona ngati fomula yophatikiza ikufika mpaka mzere womaliza. Kenako tulutsa pepala lofananitsira la mwezi watha. Balansi yotsekera mwezi uja ikhale yomweyo yotsegulira mwezi uno, m'buku ndi pa sitetimenti pomwe. Macheke amene anali asanapite ku banki mwezi watha uwatsate limodzi ndi ndalama zake: amene atuluka mwezi uno uwachonge pa pepala lakalelo, amene sanatulukebe uwabweretse pa pepala la mwezi uno. Ngati mwezi watha unatsekedwa ndi kusiyana kumene wina anangokukwirira, mwezi uno ungachonge mpaka kucha osapeza kanthu.

Chimene ndikukanira zoilemba ngati zina ndi zina ndi ichi. Kuseri kwa 2,700 kungathe kukhala dipoziti ya K150,000 imene sinafike ku banki ndi cheke cha K147,300 chimene chalembedwa kawiri ku zotuluka. Ziwirizo zikaphimbana zimasiya kandalama kooneka ngati kopanda ntchito, pamene K150,000 yasowa. Ukaikwirira, tsiku limene oona za mabuku adzafike funso lidzagwera iwe amene unasaina.

Ukaipeza, ngati cholakwa chili m'buku usafufute kapena kupaka choyera chija. Lemba mzere watsopano wokonza, wa K2,700, ufotokoze kuti ukukonza cheke nambala yakuti cha tsiku lakuti, abwana asainepo. Ngati yalakwitsa ndi banki, buku lako usalikhudze. Ndalamayo uionetse pa pepala lofananitsira ngati cholakwa cha banki, uwalembere kalata ndi fotokope ya silipi kapena cheke, ndipo mwezi wamawa uone kuti abweza. Pomaliza, balansi ya pa sitetimenti, kuwonjezera dipoziti ya pa 31 ija, kuchotsa macheke amene sanapite, ifanane ndi balansi yatsopano ya m'buku mpaka tambala.

Yamba ndi macheke ndi zotumiza zimene zili ndi masauzande ndi mahandiredi osiyana ndi 3. Zikakanika, undijambulire masamba a keshibuku a mwezi uno ndi pepala la mwezi watha lija, unditumizire kumbali osati pagulu pano.