Thumba la yureya ndi kawerengedwe ka mamolo

"Aphunzitsi, ndili Fomu 3 kuno ku Mchinji. Akandipatsa magalamu n'kundifunsa kuti muli mamolekyu angati, sindidziwa pogawa ndi pochulukitsa, ndipo yankho langa limasiyana ndi la anzanga. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Kalata yanuyi yandibwezera ku chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa kemisitiri pa sekondale ina yoyendera ku Kasungu. Usiku wina ndinkakonza phunziro pogwiritsa ntchito yureya, CO(NH₂)₂, poti ana a alimi amamudziwa kuyambira ali aang'ono. Ndinaphatikiza kulemera kwa maatomu ake, kaboni 12, okosijeni 16, nayitirojeni 14 ndi hayidirojeni 2, n'kupeza kuti molo imodzi, kapena kuti mulu wa mamolekyu umene timawerengera m'kemisitiri, imalemera magalamu 44, ndipo ndinagona mtima uli m'malo. M'mawa mwake, ndikutulutsa thumba la feteleza kuti lipite kumunda, maso anga anagwera pa 46% N yolembedwa pathumbapo. Ndinaima pakhomo n'kuyamba kuwerengera: ngati nayitirojeni ndi 14 mwa 44, ndiye kuti ndi magawo 32 okha pa 100 aliwonse, osati 46. Apa m'pamene ndinazindikira kuti 2 wa kunja kwa mabulaketi uja ndinamunyalanyaza, chikhalirecho iye amachulukitsa zonse zili m'katimo. Maatomu a nayitirojeni ndi awiri, kutanthauza 28, a hayidirojeni ndi anayi, kutanthauza 4, choncho zonse pamodzi ndi 60. Mukagawa 28 ndi 60 mupeza magawo 46.7 pa 100, zomwe zikugwirizana ndi zolembedwa pathumba zija.

Kuchokera tsiku limenelo, wophunzira akandibweretsera yankho losiyana ndi la anzake, ndimayamba ndayang'ana kulemera kwa molo imodzi ndisanaone china chilichonse, chifukwa nambala imeneyi ikaphonyeka zonse zotsatira zimaphonyeka nayo, ngakhale njira itakhala yolondola.

Tsono za kugawa ndi kuchulukitsa, ndikuuzani mosabisa kuti kachithunzi ka makona atatu kaja, kokhala ndi zilembo za fomula, kamene ambiri amajambula m'mphepete mwa kope n'kuloweza sindikakonda, ndipo m'kalasi mwanga ndinakaletsa. Kamapatsa munthu yankho osamupatsa tanthauzo, ndiye akaiwala chilembo chokhala pamwamba amasowa pogwira. Tanthauzolo si lovuta. Maatomu ndi aang'ono kwambiri moti sitingawawerenge limodzilimodzi, choncho timawawerenga powayeza pasikelo, monga momwe wogulitsa misomali amachitira. Molo ndi mulu wa tinthu 6.02 × 10²³, ndipo iyi ndiyo nambala ya Avogadro. Mulu umenewu susintha kuchuluka kwake, chimene chimasintha ndi kulemera. Njere 100 za chimanga ndi njere 100 za mapira n'zofanana pa chiwerengero koma osati pasikelo. Chimodzimodzinso molo imodzi ya madzi imalemera magalamu 18 pamene ya yureya imalemera magalamu 60, komabe mamolekyu ake ndi ochuluka mofanana.

Tiyeni titenge magalamu 30 a yureya

Funso loyamba n'lakuti m'magalamu 30 mukulowa milu ingati ya magalamu 60. Munthu wofuna kudziwa kuti chimanga chake chidzaza matumba angati amagawa, ndiye nafenso tigawa: 30 ÷ 60 = 0.5. Musanagwire n'komwe kalikuleta, nzeru ikuuzeni kuti 30 ndi wochepera 60, choncho yankho liyenera kuchepera molo imodzi. Mukapeza 2, dziwani kuti mwatembenuza manambala, ndipo mukapeza 1,800 mwachulukitsa pamene pamafunika kugawa.

Funso lachiwiri n'lakuti m'theka la mulu muli mamolekyu angati. Mulu wathunthu uli ndi 6.02 × 10²³, ndiye tichulukitsa: 0.5 × 6.02 × 10²³ = 3.01 × 10²³. Apa werenganinso funso mofatsa, chifukwa ngati akufuna maatomu a hayidirojeni simunamalize. Molekyu iliyonse ya yureya ili ndi anayi, choncho muchulukitsenso ndi 4 kuti mupeze 1.204 × 10²⁴. A nayitirojeni ndi awiri pa molekyu, ndiye alipo 6.02 × 10²³. Ophunzira ambiri amene ndawachongera anataya malikisi pamenepa, masamu onse atakhoza, chifukwa chopereka mamolekyu pamene anafunsidwa maatomu.

Ngati yankho lanu likufanana manambala ndi la anzanu koma likukula kakhumi, vuto lili pa kalikuleta. Batani la EXP lili kale ndi 10 m'kati mwake, choncho dinani 6.02 EXP 23 basi, osaikanso × 10 pakati. Ndipo pa nambala iliyonse imene mwalemba m'kope, lembani pambali pake ngati ili ya magalamu, ya mamolo, ya mamolekyu kapena ya maatomu.